Kugawa chikalata cha malamulo a pantchito kukhala mafunso ndi mayankho a antchito atsopano

Ndimagwira ntchito mu ofesi yoona za antchito pa kampani ina yogulitsa katundu wopikulitsa ku Limbe. Anthu athu amagwira masiku 6 pa sabata: olongedza, madalaivala, alonda, ogulitsa pa kauntala ndi a mu ofesi. Chikalata chathu cha malamulo ndi cha masamba 46, cha m'Chingerezi, ndipo kwa zaka zambiri munthu watsopano ankangopatsidwa, kusaina kuti walandira, n'kukachiika pansi pa matiresi. Titachigawa kukhala mafunso ndi mayankho, anzanga a m'maofesi ena akhala akundifunsa mmene tinachitira. Mafunso omwe amabwerabwera ndi awa.

Kodi kugawa chikalata kukhala mafunso n'chimodzimodzi ndi kuchifupikitsa?

Ayi. Wofupikitsa amasankha zomwe akuona kuti n'zofunika, zina n'kuzisiya. Wogawa sataya kanthu. Amatenga ndime iliyonse n'kuiika pamalo pamene wantchito angaipeze akakhala ndi vuto lake.

Chikalata cha malamulo chimalembedwa motsata maganizo a amene anachilemba, nthawi zambiri loya kapena mlangizi wa kampani. Iye amayamba ndi matanthauzo a mawu, kenako kulembedwa ntchito, malipiro, tchuthi, chilango, kutha kwa ntchito. Wantchito saganiza choncho. Iye amadzuka m'mawa mwana akutentha thupi, n'kufuna kudziwa ngati akajomba lero amudula malipiro. Yankho la funso limenelo mwina lamwazikana pa ndime zitatu zosiyana: ya matenda, ya kujomba ndi ya malipiro. Ntchito yanu ndi kusonkhanitsa zitatuzo pansi pa funso limodzi lomwe munthuyo angalizindikire kuti ndi lake.

Tsamba la mafunso likatha, chikalata chija tisamapereke?

Muziperekabe. Chikalata ndicho chomwe wantchito anasainira, ndipo mkangano ukafika ku ofesi ya zantchito kapena ku bwalo loweruza milandu ya pakati pa antchito ndi owalemba, oweruza adzafuna kontirakiti ndi chikalatacho. Lamulo la Ntchito la 2000 limafunanso kuti wolemba ntchito apereke kwa wantchito, m'malemba, mfundo zikuluzikulu za ntchito yake monga malipiro, maola ndi za kutha kwa ntchito. Tsamba la mafunso sililowa m'malo mwa zimenezo.

Pamwamba pa tsamba lathu tinalemba ziganizo ziwiri: kuti tsambali likufotokoza chikalata cha malamulo, ndipo kuti ziwirizi zikasiyana, chotsatidwa ndi chikalata. Koma musadalire mawu amenewo ngati chishango. Munthu akachita chinthu chifukwa tsamba lomwe kampani inamupatsa linamuuza kutero, n'kovuta kumuimba mlandu ndi mtima woyera. N'chifukwa chake mafunso ambiri m'munsimu akukamba za kusunga tanthauzo.

Mafunsowo ndiwatenga kuti?

M'kamwa mwa antchito. Musakhale pa desiki n'kumasandutsa mitu ya chikalata kukhala mafunso. Funso lakuti "Kodi ndondomeko ya kampani pa tchuthi ndi yotani?" palibe munthu amene analifunsapo chiyambire. Limeneli ndi mutu wakale womwe mwangouveka chizindikiro cha funso.

Ife tinaika kope pa tebulo langa kwa miyezi iwiri. Aliyense akalowa ndi funso, ndinkalilemba mmene walinenera, osalikonza. Makope ena tinapatsa akapitawo a kunkhokwe ndi mkulu wa alonda, chifukwa mafunso ambiri safika n'komwe ku ofesi, amathera pa geti ndi pa shedi. Zomwe zinatuluka ndi monga izi: "Madamu, ndayamba pa 17, ndilandira mwezi wonse?" "Bwana, apongozi akamwalira kampani imathandiza?" "Ndikadwala Loweruka chipatala chatseka, kalata ndiitenga kuti?" "Adivansi amapereka kwa amene ali pa pulobeshoni?" Mafunso otere amabwera ndi tsiku lake, m'bale wake ndi nkhawa yake, ndipo munthu wina akawaona pa pepala amadziwa nthawi yomweyo kuti akunena za iye.

Pali mafunso ena omwe anthu safunsa chifukwa cha manyazi kapena mantha, monga za kudandaula za bwana wako. Amenewo muwalembe nokha. Onani funso la zilango m'munsimu.

Nanga ndi chikalata chenichenicho ndiyambire pati?

Chisindikizeni, mutenge pensulo, muwerenge ndime imodziimodzi. Pa ndime iliyonse dzifunseni kuti muli malamulo angati. Ndime yooneka ngati imodzi kawirikawiri imakhala ndi anayi kapena asanu obisika pakati pa makoma. Lililonse mulipatse nambala yake m'mphepete.

Kenako pangani tebulo la mizati itatu, pa kompyuta kapena m'kope: nambala ya lamulo, funso lomwe likuyankhidwa ndi lamulolo, ndi chizindikiro chosonyeza kuti lalowa mu yankho. Tebulo limeneli ndilo mtima wa ntchito yonse. Mukamaliza, mumaona mabowo a mitundu iwiri. Malamulo omwe alibe funso ndi omwe mukanawataya osadziwa. Mafunso omwe alibe lamulo ndi omwe chikalata sichiyankha, ndipo amenewo ali ndi funso lawolawo kutsogoloku.

Si lamulo lililonse lofunika kulowa pa tsamba la atsopano. Mmene bodi imasankhira mkulu wa kampani mlongedzi sizikumukhudza. Koma kulisiya kukhale chosankha chanu, cholembedwa pa tebulo kuti "tasiya dala", osati kuiwala.

Mungationetse ndime imodzi mmene munaigawira?

Titenge ya tchuthi cha pachaka. M'chikalata chathu ndi chiganizo chimodzi cha mizere isanu ndi inayi. Ndikachiika m'Chichewa mmene chilili chimamveka chonchi: wantchito aliyense amene watsimikizidwa pa ntchito adzakhala ndi masiku 18 ogwira ntchito a tchuthi cholipidwa pa miyezi 12 iliyonse, omwe adzachuluka mwezi ndi mwezi kuyambira tsiku loyamba ntchito, ndipo adzatengedwa pa nthawi yomwe mkulu wa gawo wavomereza atapemphedwa masiku 14 tsikulo lisanafike, kupatula m'mwezi wa Disembala pokhapokha mkulu wa kampani atalola, ndipo masiku osapitirira 6 angathe kusungidwira chaka chotsatira.

Ndi pensulo tinapezamo malamulo asanu ndi awiri: kuchuluka kwa masiku, kuti ndi masiku ogwira ntchito, kuti amachuluka mwezi ndi mwezi, kuti wotenga ndi wotsimikizidwa, masiku 14 opemphera, za Disembala, ndi za kusunga. Asanu ndi awiriwo anagwera m'mafunso anayi a m'kope lija.

Loyamba: "Ndili ndi masiku angati a livu?" Yankho: masiku 18 pa chaka. Timawerenga masiku ogwira ntchito okha, ndiye Lamlungu ndi maholide a boma salowamo. Mukachoka Lolemba n'kubwerera Lolemba linalo, mwadya masiku 6, osati 7.

Lachiwiri: "Ndayamba chaka chili pakati, ndili nawo angati?" Yankho: mwezi uliwonse mumapeza tsiku limodzi ndi theka, chifukwa 18 kugawa ndi 12 ndi 1.5. Mukayamba pa 1 Epulo, pofika kumapeto kwa Disembala mwagwira miyezi 9, ndiye muli ndi masiku 13 ndi theka. Masikuwa amayamba kuwerengedwa tsiku lomwe mwayamba ntchito, ngakhale muli pa pulobeshoni, koma kuwatenga n'kufikira mutatsimikizidwa.

Chiganizo chomalizachi ndicho chinatisautsa. Polemba koyamba tinangoti "a pa pulobeshoni alibe livu". Zinali zachidule, zomveka, koma zabodza. Masiku ali nawo, akungodikira. Tikanasiya choncho, mtsikana wa pa kauntala amene anakhala miyezi 6 pa pulobeshoni akanaganiza kuti masiku ake 9 anapita ndi madzi, ndipo sakanawapempha. Cholakwacho tinachigwira pa tebulo lija, titaona kuti lamulo la "kuyambira tsiku loyamba ntchito" linalibe chizindikiro.

Lachitatu linali "Ndipempha bwanji, kwa ndani?" ndipo linatenga masiku 14, fomu ndi za Disembala. Lachinayi linali "Ndikapanda kumaliza masiku anga amatha?" ndipo linatenga za masiku 6. Pansi pa yankho lililonse tinalemba nambala ya ndime ya m'chikalata, kuti wofuna kutsimikiza akapeze yekha.

Yankho limodzi likhale lalitali bwanji, ndipo liyambe ndi chiyani?

Liyambe ndi yankho lenilenilo: inde, ayi, masiku 18, kwa kapitawo wanu. Zikatero ndiye zibwere zotchinga, za "pokhapokha" ndi "kupatula". Kenako chochita, ndiye nambala ya ndime. Munthu wowerenga pa foni ali mu minibasi amawerenga mzere woyamba ndi wachiwiri basi, choncho chotchinga chachikulu chisapite patali. Ngati chotchingacho chikusinthiratu yankho kwa gulu lina, monga a pa pulobeshoni kapena aganyu, chipangeni funso lapalokha.

Yankho likapitirira theka la tsamba, nthawi zambiri ndiye kuti mwalumikiza mafunso awiri. Liduleni.

Mafunso asanjidwe motani?

Motsata moyo wa munthu pa ntchitopo. Sabata yoyamba amafuna kudziwa nthawi yolowera, yunifomu, amene akamuone akafika ndi zonyamula monga chiphaso cha unzika ndi nambala ya akaunti. Kumapeto kwa mwezi woyamba mtima uli pa malipiro ndi zodulidwa. Za matenda, maliro ndi tchuthi zimabwera pambuyo. Za chilango ndi kusiya ntchito zikhale kumapeto, koma mitu yake ioneke pa mndandanda wa patsamba loyamba.

Funso lililonse lipatsidwe nambala. Mukatero, m'malo mobwereza za kalata ya dokotala pa mayankho atatu, mumazilemba kamodzi n'kumangoti "onani funso 14". Kubwereza kumabala vuto pa tsiku losintha: mumakonza pamodzi, pawiri n'kuiwala.

Ndi mawu ati omwe amakonda kusokonekera pogawa?

Oyamba ndi osiyanitsa chokakamiza ndi chololedwa. Chikalata chikati kampani "iyenera" kuchita chinthu, ndiye ngongole. Chikati "ingathe", ndiye kuti ili ndi ufulu wokana. M'Chichewa cha tsiku ndi tsiku zonsezi timakonda kuzinena mofanana: "kampani imapereka". Ndime yathu ya adivansi imati mkulu wa zachuma angathe kulola. Tinalemba kuti "kampani imapereka adivansi pakati pa mwezi", ndipo dalaivala wina atakanizidwa anabwera ndi pepalalo m'manja, chala chili pa mzerewo. Sanalakwe iye. Tsopano yankholo limati: "Mungathe kupempha. Mkulu wa zachuma amaona pempho lililonse palokha, ndipo akhoza kukana."

Achiwiri ndi a nthawi. "Masiku" ndi ogwira ntchito kapena a pa kalendala? "Chaka" ndi cha Januwale mpaka Disembala, chaka cha chuma cha kampani, kapena miyezi 12 kuchokera tsiku lomwe munthu anayamba? Chikalata chimafotokoza zimenezi kamodzi, pa tsamba la matanthauzo lomwe palibe amawerenga. Mukadula ndime kuichotsa m'chikalata, tanthauzo lija limatsala m'mbuyo. Muyenera kulinyamula n'kulilowetsa mu yankho lililonse lomwe likulifuna. Apa pokha ndi pomwe ndimalola kubwereza.

Mawu akuti "banja" pa nkhani ya maliro munawamasulira bwanji?

Ili ndilo funso lomwe linandiphunzitsa zambiri, ndipo ndikupempha aliyense amene akuchita ntchito yotereyi kuti aime pano kaye.

Chikalata chathu chimati wantchito akaferedwa wa m'banja lake lapafupi, amapatsidwa masiku a maliro, ndipo kampani imathandiza bokosi ndi mayendedwe. Ku tsamba la matanthauzo, banja lapafupi ndi mkazi kapena mwamuna mmodzi wolembetsedwa, ana obereka kapena olera mwalamulo, ndi makolo obereka. Kwa wolemba chikalata nkhani yathera pomwepo. Koma kwa ife, mwana wa mchemwali wanga amene ndamulera kuyambira ali wakhanda ndi mwana wanga. Mng'ono wa mayi anga ndi mayi anga. Amalume kwa ambiri a ife ndi mwini mbumba, ndipo maliro awo sungatumize uthenga chabe. Mukalemba m'Chichewa kuti "mayi, bambo kapena mwana akamwalira kampani imathandiza", wantchito amva zambiri kuposa zomwe chikalata chikulonjeza.

Ndinaona zotsatira zake ndi maso anga. Mlonda wina, bambo wachikulire, analowa mu ofesi m'mawa atavula chipewa, nati, "Madamu, mayi anga atisiya usiku wathawu ku Thyolo." Ndinayamba kudzaza fomu. Nditatsegula fayilo yawo ndinapeza kuti mayi owabereka anamwalira kalekale. Omwe anatisiyawo anali mayi aang'ono, amene anawalera. Bamboyo sananame ngakhale pang'ono. Koma kumuuza munthu pa tsiku lotero kuti amene akumulira si mayi ake malinga ndi ndime yakutiyakuti, n'chinthu chomwe sindifuna wina aliyense achite.

Choncho pa tsamba lathu sitigwiritsa mawu akuti "banja" paokha. Timatchula mmodzimmodzi: mkazi kapena mwamuna amene munalembetsa ku ofesi, ana anu obereka kapena olera mwalamulo, mayi ndi bambo okuberekani. Kenako tinaika funso lina lolunjika: "Nanga apongozi, amalume, azakhali, mayi aang'ono, achimwene, kapena mwana wa m'bale amene ndikulera?" Yankho limanena mosabisa kuti chithandizo cha bokosi sichiwafika amenewa, ndipo limasonyeza njira yomwe ilipo: kupempha masiku kuchokera pa livu yanu. Ndi bwino munthu adziwe zimenezi sabata yoyamba, mtima uli m'malo, kusiyana n'kuzimva maliro ali m'nyumba.

Ziwerengero za ndalama tiziike, kapena tingonena lamulo?

Ikani chitsanzo chowerengedwa mpaka kumapeto. Lamulo la Ntchito limati maola a masiku onse asapitirire 48 pa sabata. Maola owonjezera pa tsiku wamba amalipidwa kamodzi ndi theka, ndipo ogwira pa tsiku lopuma kapena pa holide ya boma amalipidwa kawiri. Kunena choncho n'koona, koma mlongedzi sangadziwe ngati pepala lake la malipiro lili bwino.

Ife tinalemba chonchi. Tiyerekeze kuti malipiro anu ndi K208,000 pa mwezi. Kampani yathu imawerenga maola 208 pa mwezi, kuchokera pa maola 48 kuchulukitsa ndi masabata 52 n'kugawa ndi miyezi 12. Ndiye ola limodzi ndi K1,000. Mukatsalira maola 4 Lachitatu kutsitsa katundu, ola lililonse ndi K1,500, pamodzi K6,000. Mukaitanidwa Lamlungu maola 5, ola lililonse ndi K2,000, pamodzi K10,000. Tinasankha dala malipiro omwe amagawika bwino, ndipo tinalemba kuti n'chitsanzo, kuopa kuti wina angaganize kuti anzake akulandira zimenezo.

Pa penshoni tinachitanso chimodzimodzi: lamulo limati wolemba ntchito aike zosachepera 10 peresenti, wantchito zosachepera 5 peresenti. Atsopano ambiri akaona kudulidwa koyamba amaganiza kuti aberedwa, ndiye chitsanzo chimasonyeza K10,400 yochoka kwa iwo ndi K20,800 yochoka ku kampani.

Ndalama zomwe zimasinthasintha, monga alawansi ya pa ulendo, musazimwaze m'mayankho. Ziikeni pa tsamba limodzi lakumapeto lokhala ndi deti, mayankho azingolozera kumeneko.

Ndapeza kuti chikalata chathu chikusemphana ndi lamulo la dziko. Ndilembe ziti?

Musalembe chilichonse kaye. Pitani nazo kwa akuluakulu. Zimenezi zimachitika kawirikawiri chifukwa zikalata zambiri zinalembedwa kale n'kusiyidwa. Chathu chinalibe tchuthi cha abambo mkazi akachira, pomwe Lamulo la Ntchito linasinthidwa mu 2021 n'kupereka masabata awiri kamodzi pa zaka zitatu. Palibe anaona mpaka mnyamata wina wa kunkhokwe atafunsa, funso lake n'kulowa m'kope.

Pofufuza, yerekezani ndi malire omwe lamulo linaika. Tchuthi cha pachaka sichichepera masiku 18 kwa ogwira masiku 6 pa sabata, kapena 15 kwa ogwira masiku 5. Tchuthi cha uchembere sichichepera masabata 8 a malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu. Munthu akakwanitsa miyezi 12 pa ntchito, ali ndi masabata 4 a matenda pa malipiro onse ndi masabata 8 pa theka la malipiro. Kampani ingathe kupereka zoposa pamenepa, koma osati zochepera.

Chikalata chikonzedwe choyamba, kenako tsamba la mafunso litsate. Mukakonza pa tsamba lokha, mwapanga zikalata ziwiri zotsutsana, ndipo mawu aja akuti "chotsatidwa ndi chikalata" akuloza ku cholakwika.

Nanga mafunso omwe chikalata sichinenapo kanthu?

Adzakhalapo ambiri. Kwa ife linali la kalata ya dokotala Loweruka, la ngati kalata ya ku chipatala chaching'ono cha m'dera imalandiridwa, ndi la foni pa nthawi ya ntchito. Chiyeso chimakhala chakuti muyankhe nokha, popeza mukudziwa mmene zimachitikira. Musatero. Tsiku lomwe mwalemba yankho la m'mutu mwanu pa pepala la kampani, mwapanga lamulo latsopano popanda mphamvu yotero.

Sonkhanitsani mafunsowa, mupite nawo kwa oyang'anira, ndipo ngati pali bungwe la antchito nalonso liwaone. Omwe agamulidwa alowe m'chikalata kapena m'kalata yosainidwa, kenako pa tsamba. Omwe sanagamulidwe, lembani dzina la udindo wa munthu wofunsidwa, mwachitsanzo mkulu wa gawo lanu.

Za zilango ndi madandaulo nazonso zigawidwe?

Inde, koma ndi dzanja lopepuka. Mndandanda wa milandu yochotsetsa ntchito muukopere wonse mmene ulili. Mukasankhapo isanu yodziwika, monga kuba ndi kuledzera pa ntchito, wowerenga adzaganiza kuti ndi yokhayo.

Gawo lomwe liyenera kusanduka mafunso ndi la ufulu wa woimbidwa mlandu, chifukwa m'chikalata limakwiririka. Lamulo la Ntchito limati munthu asachotsedwe pa zifukwa za khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito asanapatsidwe mpata wodziteteza. Ndiye tinalemba: "Ndalandira kalata yondiitana ku bwalo la chilango, nditani?" "Ndingabwere ndi mnzanga?" "Ndikapanda kukhutira ndi chigamulo ndipite kuti?"

Palinso funso lomwe silinalowe m'kope ngakhale kamodzi, koma ndinaliika: "Bwana wanga akundifunsira, ndikakana akundiopseza za ntchito. Ndiuze ndani?" Lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limaletsa khalidwe lotere. Chikalata chathu chimati madandaulo onse ayambire kwa mkulu wa gawo, ndipo patsogolo pake, m'ndime ina, chimalola kumudumpha ngati wodandaulidwa ndi iyeyo. Pa tsamba la mafunso, njira yomudumphayo ndiyo tinaiika pa mzere woyamba, pamodzi ndi maudindo awiri, wina wa mayi, omwe munthu angapiteko.

Tilembe m'Chichewa kapena m'Chingerezi?

Zonse ziwiri, ndi manambala a mafunso ofanana, kuti funso 14 likhale lomwelo uku ndi uku. Ngati muli ndi nthambi ku Mzuzu kapena ku Karonga, ganizirani Chitumbuka. Cha Chichewa chisakhale chomasulira liwu ndi liwu. Lembani mawu omwe antchito amanena: livu, ovataimu, adivansi, notisi, pulobeshoni. Mukalemba "nthawi yoyesedwa" pokha, ena amva za mayeso a sukulu. Koma aliyense womasulira apatsidwe tebulo lija, kuti aone ngati lamulo lililonse lafika ku chinenero chinacho ndi zotchinga zake.

Ndidziwa bwanji kuti tsamba lagwira ntchito?

Musafunse anthu ngati amva, adzati inde mwaulemu. Apatseni nkhani. Ife tinatenga atsopano asanu, mmodzi wa mu ofesi, ena a kunkhokwe ndi pa geti, n'kuwapatsa timapepala: "Mwayamba pa 1 Juni, mukufuna kupita kumudzi masiku 10 mu Novembala. N'zotheka?" Ndinakhala pambali osalankhula, n'kumaona pomwe chala chikupita. Yankho loyenera ndi lakuti pofika kumapeto kwa Okutobala ali ndi masiku 7 ndi theka okha, ndiponso ayenera kukhala atatsimikizidwa. Atatu anapeza za masikuwo n'kuima, osaona za pulobeshoni, chifukwa zinali m'ndime yachiwiri ya yankho. Tinazikweza.

Munthu akatsegula funso lolakwika, vuto ndi mawu a mutu. Akatsegula loyenera koma n'kuyankha molakwa, vuto ndi kasanjidwe ka yankho. Kuyesa kwachiwiri ndi kwa mbali inayo: munthu wodziwa chikalata bwino, amene sanalembe nawo, awerenge yankho lililonse chikalata chili pambali, akufunafuna pomwe tsamba lalonjeza zoposa kapena zochepera.

Chikalata chikasintha, tsamba tilisinthe bwanji?

Apa tebulo lija limagwiranso ntchito. Ndime 9 ikasintha, mumayang'ana mzati wachiwiri n'kuona kuti ikukhudza mafunso 11, 12 ndi 20, mumakonza amenewo okha. Pansi pa tsamba lililonse pakhale deti ndi dzina la udindo wa mwini wake, munthu mmodzi, osati komiti.

Chovuta ndi mapepala akale. A pa bolodi mumachotsa, koma omwe anajambulidwa pa foni n'kutumizidwa pa WhatsApp amakhalabe kwa zaka. Ife tikasintha timasindikiza pa pepala la mtundu wina, ndipo akapitawo amalengeza pa msonkhano wa Lolemba m'mawa kuti la buluu latha, logwira ntchito ndi lachikasu, n'kuwerenga mokweza mafunso omwe asintha. Kope la mafunso lija likadali pa tebulo langa, ndipo funso likalembedwamo katatu ndi anthu osiyana, limalowa pa kusindikiza kotsatira.